Tsiku lomwe anati andiyankha ladutsa, ndiwafunse bwanji osaoneka ngati ndikupempha?

Lolemba, 13 Okutobala

Nachisale:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Lachinayi pa 2 Okutobala ndinachita intavyu ku bungwe lina lomwe si la boma kuno ku Lilongwe, ntchito yake ya wothandizira akauntanti. Ofunsa analipo anayi. Pomaliza mayi wa ku ofesi yoona za antchito ananena yekha kuti atidziwitsa zotsatira pofika Lachisanu pa 10. Lachisanu lija ladutsa, lero Lolemba, foni ili zii, imelo ili zii. Ntchitoyi ndikuifunitsitsa, koma sindikufuna andione ngati munthu wosowa pogwira. Ndiimbe foni, ndilembe, kapena ndingokhala?

Bambo a Tadala:
Chemwali, ingokhalani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ntchito zonse zomwe ndagwirapo sindinafunsepo, amandiitana okha. Amene wakusankhani amakusakani, nambala yanu ali nayo. Mukayamba kufunsafunsa mumaoneka wovuta musanalowe n'komwe pageti.

Yohane wa ku Ndirande:
Ayi bambo, nthawi zinasintha. Mukakhala chete amaganiza kuti mulibe nazo chidwi. Asisi, inu mawa m'mawa tchenani bwino mupite konko, mukapemphe kuonana ndi bwana wa zachuma yemwe amakufunsani mafunso uja. Nkhope imakumbutsa kuposa imelo. Maimelo anthu amenewa sawerenga.

Nachisale:
Achimwene, kupita konko ndi komwe ndikuopa. Pageti pali alonda, amafunsa kuti muli ndi nthawi yomwe munapangana ndi ndani. Ndikanena chiyani?

Mayi Nyagondwe:
Musapiteko mwanawe. Ine ndagwira ntchito yolemba anthu zaka zambiri, m'mabungwe ndi m'makampani momwe. A Yohane akunena zoona kuti kufunsa si mlandu, koma njira yomwe apereka ndi yomwe imaononga. Nawonso Bambo a Tadala sakunama kuti wosankhidwa amaimbiridwa ndithu. Koma tsiku la pa 10 simunalipemphe inu, analitchula okha. Munthu akakupatsani tsiku n'kulidumpha, kufunsa kamodzi mwaulemu ndi ntchito wamba ya muofesi. Ndipo inu mukufuna kukakhala ku ofesi ya zachuma, komwe tsiku ndi tsiku muzikakumbutsa anthu kuti abweretse malisiti. Palibe angadabwe kuti mwafunsa.

Poyamba mudziwe zomwe zimachitika inu mukatuluka m'chipinda chija, chifukwa ambiri mumaganiza kuti ofunsa akangogwirizana, foni imalira madzulo omwewo. Sizitero. Aliyense mwa anayi aja ali ndi pepala lake la malikisi. Mapepalawo amapita kwa wa ku ofesi ya antchito, iye amawaphatikiza n'kulemba lipoti losonyeza woyamba, wachiwiri ndi wachitatu. Lipotilo ofunsa onse ayenera kulisayina. Mmodzi akangonyamuka kupita kukayendera ntchito ku Mchinji kapena ku Karonga, pepala limagona patebulo mpaka abwere. Akasayina onse limapita kwa dayirekitala kuti avomereze. Kenako amaimbira anthu omwe munawalemba kuti akuchitireni umboni, ndipo ena mwa amenewa amatha sabata osayankha. A zachuma nawo amaona ngati malipiro akukwana mu bajeti ya pulojekitiyo. Mabungwe ena amadikiranso chilolezo cha omwe amapereka ndalama. Mayi uja potchula pa 10 amawerengera ngati zonsezi ziyenda popanda chopinga, ndipo kawirikawiri siziyenda choncho.

Ndiye kudutsa kwa tsiku limodzi la ntchito sikukuuzani kalikonse. Loweruka ndi Lamlungu musawerenge.

Kondwani K:
Mayi, nenaninso mbali inayo, musamukomere m'kamwa mlongo wathuyu. Nthawi zambiri akakhala chete ndiye kuti atenga wina.

Mayi Nyagondwe:
Ndimafika komweko a Kondwani. Chete wotere amatanthauza chimodzi mwa zitatu. Mwina mapepala akadali m'njira monga ndafotokozera. Mwina ntchitoyo yaimitsidwa kaye chifukwa cha ndalama. Kapena woyamba ndi wina, ndipo inu ndinu wachiwiri. Apa ndi pomwe anthu ambiri samvetsa. Tikamuimbira woyamba timamupatsa masiku angapo, mwina sabata, kuti aone kalata ndi kukambirana za malipiro. Nthawi yonseyo wachiwiri sitimuuza kanthu dala, chifukwa woyamba akakana tibwerera kwa iye. Ndipo amakana ndithu, makamaka a zachuma, chifukwa komwe ali amawakwezera malipiro akangoona kalata yosiya ntchito. Ndiye amene wakhalitsa osalandira kalata yopepesa nthawi zina ndi amene ali pafupi kwambiri. N'chifukwa chake momwe mungafunsire n'kofunika: mukhoza kukhala munthu yemwe akumusunga.

Nachisale, pali chinthu chimodzi chomwe mungachite lero lomwe osawakhudza iwowo. Imbirani anthu anu atatu a umboni aja, muwafunse ngati alandira foni kapena imelo kuchokera ku bungwelo. Ngati mmodzi waimbiridwa, muli pabwino, chifukwa sitivutika kufufuza munthu yemwe sitikumuganizira. Ngati sanaimbiridwe sizitanthauza kuti mwalephera, mwina sanafike pamenepo. Muonenso mu Spam pa imelo yanu, ndipo foni ikhale yoyaka, nambala yachilendo muziyankha.

Mphatso ku Joni:
Ine ndikuona kuti cholakwika chinachitika pachiyambi. Kuno ukachoka ku intavyu umatumiza uthenga wothokoza tsiku lomwelo kapena mawa lake. Asisi, lembani pano uthenga wautali wowathokoza, mufotokozenso bwino mafunso omwe simunayankhe mokwanira, muphatikizepo masetifiketi onse. Akaona khama.

Nachisale:
Wothokoza ndinatumiza kale pa 3, mizere itatu, ndipo mayi uja anayankha kuti alandira. Funso langa ndi la pano, tsiku lomwe analonjeza litadutsa.

Mphatso ku Joni:
Oo, ndiye ndinamva mwina. Komabe masetifiketi aja sangaononge kanthu.

Mayi Nyagondwe:
Angaononge achimwene. Malikisi anatsekedwa tsiku la intavyu. Munthu akatumiza mayankho atsopano ndi mapepala omwe sitinapemphe, sitingawagwiritse ntchito, chifukwa kungakhale kukondera pamaso pa anzake omwe anafunsidwa mafunso omwewo. Chomwe chimatsala m'mutu mwa wowerenga n'choti munthuyu akudzikayikira. N'chimodzimodzi kupita kwa bwana wa zachuma monga anenera a Yohane. Bwanayo saloledwa kukuuzani kanthu lipoti lisanavomerezedwe, ndiye mumangomuika pamalo ovuta. M'zidziwitso zambiri za ntchito mumaona analemba kuti wopezeka akunyengerera ofunsa achotsedwa pa mndandanda. Wina wansanje akakuonani mukutuluka mu ofesi ya bwanayo, nkhani yake imakhala imeneyo, ngakhale munangopita kukafunsa tsiku.

Woti mumulembere ndi mmodzi: yemwe anakuitanani ku intavyu, yemwenso anatchula tsikulo. Musayambe imelo yatsopano. Tsegulani imelo yomwe anakuitanirani ija, dinani Reply, kuti mutu ndi dzina la ntchito zikhale zomwezo, iye asavutike kufufuza kuti ndinu ndani. Musaikepo dayirekitala kapena ofunsa ena, chifukwa zimaoneka ngati mukumuneneza kwa akuluakulu ake kuti wachedwa.

Za tsiku, ine ndikanati dikirani masiku awiri kapena atatu a ntchito. Lachitatu pa 15 ndi Tsiku la Anakubala, maofesi atseka. Ndiye tumizani Lachinayi pa 16, pakati pa 8 ndi 10 koloko m'mawa. Lachisanu masana ayi, mabungwe ambiri amaweruka msanga, uthenga wanu ukakwiririka ndi a Lolemba.

Yohane wa ku Ndirande:
Chabwino, kupita ndasiya. Koma WhatsApp bwanji? Nambala ya mayiyo asisi ali nayo. Pa WhatsApp umaona kuti wawerenga, pa imelo umangokhala mumdima.

Mayi Nyagondwe:
Zitengera momwe iwo anakupezerani. Ngati anakuitanani pa WhatsApp, monga amachitira makampani ang'onoang'ono ambiri, yankhani pomwepo, nthawi ya ntchito, uthenga umodzi wathunthu. Osati kulemba "moni mayi" n'kudikira ayankhe kenako "muli bwanji". Osati mawu ojambula, osati usiku, ndipo kufulasha kokha musayerekeze. Koma ngati anakuitanani pa imelo ndipo nambalayo munangoiona pomwe amakulondolerani njira, imeneyo ndi foni yake ya m'thumba, isiyeni. Kuona kuti wawerenga koma sanayankhe sikukuthandizani, kumangokupangitsani kutumiza wachiwiri madzulo omwewo.

Nachisale:
Zikomo kwambiri mayi. Anandiitana pa imelo. Pali china chomwe sindinanene chifukwa ndimaona ngati n'chosiyana. Kampani ina ya ku Kanengo yandipatsa ntchito, kalata ndili nayo m'manja, akufuna yankho pofika Lachisanu pa 24. Malipiro ake ndi otsikirapo poyerekeza ndi a bungwe lija, komabe akuposa omwe ndikulandira pano. Mtima wanga uli ku bungweko.

Mayi Nyagondwe:
Aa, si chosiyana chimenecho, ndiye mutu wa nkhani. Zasintha zomwe ndinanena. Musadikirenso Lachinayi, tumizani mawa Lachiwiri m'mawa. Tawerengani masiku a ntchito kuyambira mawa mpaka pa 24, kuchotsa tchuthi cha Lachitatu: atsala asanu ndi atatu. Ngati bungwelo likukufunani, liyenera kupeza masaini, kuimbira a umboni ndi kulemba kalata m'masiku amenewo. Mukawauza pa 22 kuti mawa lake mukufuna yankho, ngakhale atafuna sangakwanitse. Kuwauza msanga n'kuwathandiza.

Ndilemba m'Chichewa kuti tonse timve, inu mukauika m'Chingerezi cha muofesi:

"Mayi, ndikuthokozanso chifukwa cha mwayi wa intavyu ya pa 2 Okutobala pa ntchito ya wothandizira akauntanti. Munanena kuti zotsatira zikhoza kudziwika pofika pa 10 Okutobala, ndiye ndimafuna kudziwa pomwe ndondomeko yafika ndi tsiku lomwe ndingayembekezere yankho. Ndaona kuti n'koyenera kukudziwitsani kuti ndapatsidwa ntchito kwina ndipo ndiyenera kuwayankha sabata yamawa. Ntchito ya ku bungwe lanu ndi yomwe ndikuifuna koposa, choncho ndingathokoze nditadziwa pomwe ndili pofika Lachitatu pa 22 Okutobala. Ngati pali china chomwe mukufuna kwa ine, ndili wokonzeka kutumiza."

Pansi dzina lanu lonse ndi nambala ya foni. Basi.

Taonani zomwe mulibe. Mulibe kupepesa kuti mwawasokoneza. Mulibe mawu oti "munalonjeza" kapena "mpaka pano simunandiyankhe". Mulibe za lendi, za fizi ya ana, za momwe zinthu zakwerera mtengo. Zimenezo n'zoona, tonse tikuziona, koma ndi zomwe zimachititsa uthenga kumveka ngati kupempha, ndipo pambuyo pake zimakufooketsani pokambirana malipiro chifukwa adziwa kale kuti mulandira chilichonse. Mulibenso funso loti "kodi ndapambana?" Limenelo mayiyo sangayankhe, ndiye amangosiya uthenga wonse osayankha. Funso la tsiku angathe kuliyankha osaphwanya lamulo lililonse la bungwe lake. Ndaika pa 22 m'malo mwa pa 24 kuti mutsale ndi masiku awiri owerenga kalata ngati ingabwere.

Kondwani K:
Ine pamenepo ndikukayika mayi. Kutchula ntchito ina mu uthenga woyamba kukumveka ngati kuopseza. Bwana wina angoti "apite konko, tili ndi anthu ambiri pamzere". Bwanji afunse kaye za tsiku lokha, za ntchito inayo adzanene akapanda kuyankhidwa?

Mayi Nyagondwe:
Kukanakhala kuti kwatsala mwezi ndikanagwirizana nanu. Koma pano mauthenga awiri sakwana. Woyamba mawa, kudikira mpaka Lolemba pa 20, wachiwiri kuwapatsa masiku awiri okha, pamenepo ndiye pomwe pamamveka kuopseza. Ndipo kusiyana kuli pa kalembedwe. Woopseza amati mukapanda kundiyankha ndipita kwina. Uyu akuti ndikufuna kubwera kwa inu, koma nthawi yanga ili chonchi. Ine uthenga wotere ukandipeza ndipo munthuyo ndi woyamba pa lipoti, ndimanyamuka pampando kukagogoda kwa dayirekitala tsiku lomwelo, chifukwa kutaya munthu ameneyu ndiye kuti ntchito yonse ya intavyu yapita pachabe. Akakhala wachitatu, ndimamuuza mosabisa kuti asataye mwayi womwe ali nawo. Njira zonse ziwiri iye wapindula.

Kondwani K:
Ndamva, ngakhale ndikuonabe kuti zitengera bwana wake. Alipo ena odzimva. Nanga ife omwe tilibe kalata ina, sitingangonena kuti tili nayo kuti afulumire?

Mayi Nyagondwe:
Musatero. Akakuyankhani kuti "sitikwanitsa pofika tsikulo, landirani kwinako, tikufunirani zabwino", mwadzichotsa nokha pa mndandanda ndipo simungabwerenso kudzati zinali zocheza. Komanso a ntchito yathuyi timadziwana, Lilongwe ndi Blantyre ndi midzi yaing'ono. Mukakhala mulibe kalata ina, chotsani ziganizo ziwiri zapakati zija, mutsale ndi kuthokoza, funso la tsiku, ndi mawu amodzi oti chidwi chanu chikadalipo.

Bambo a Tadala:
Poti pali kalata ina m'manja, ndavomera kuti alembe. Koma kwa amene alibe, ine ndikadali pomwe ndinali. Sindinamvepo munthu yemwe analembedwa ntchito chifukwa anakumbutsa.

Mayi Nyagondwe:
Pamenepo simukunama bambo. Uthengawu susintha malikisi a munthu. Ntchito yake ndi kukupatsani tsiku loti mukonzekere nalo moyo wanu, ndi kuwadziwitsa kuti mukadalipo ngati woyamba wakana.

Chisomo M:
Pepani ndilowetseko yanga. Ine ndinachita intavyu ya ntchito ya boma miyezi inayi yapitayo. Sanatchule tsiku, anangoti mudzamva. Ndilembe uthenga ngati womwewu? Komanso dzulo wina anandiimbira kuti dzina langa lilipo koma likufunika "kukankhidwa", nditumize ndalama pa Mpamba.

Yohane wa ku Ndirande:
Ameneyo ndi wakuba mphwanga, usatumize ngakhale 1 tambala. Amatenga manambala pa mndandanda wa omwe anaitanidwa, n'kumaimbira aliyense mawu omwewo.

Mayi Nyagondwe:
A Yohane anena zoona. Ntchito yeniyeni sagula pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Sunga nambalayo, ukanene kupolisi, ndipo ngati akudzitchula kuti ndi wa m'boma, ku ACB amalandira madandaulo otere.

Za kulemba, ya boma ndi ina. Kumeneko amafunsa anthu mazanamazana nthawi imodzi, zotsatira zimadutsa ku komishoni, ndipo zimadikiranso kuti ndalama za malipiro zipezeke mu bajeti ya boma, yomwe chaka chake chimayamba pa 1 Epulo. Palibe kalaliki yemwe angakuuze za iwe wekha mndandanda usanatuluke. Miyezi ingapo si yachilendo. Chomwe ungachite ndi kutsatira zidziwitso za unduna kapena komishoni yomwe inakuitana, kufunsa anzako omwe munachita nawo, ndi kusasintha nambala ya foni yomwe unalemba pa kalata yofunsira ntchito. Uthenga womwe ndalemba uja ndi wa pomwe pali munthu yemwe anakupatsa tsiku.

Nambewe:
Ndiikepo ndemanga pa zomwe mayi ananena zoti ntchito imatha kuimitsidwa. Ine ndinachita intavyu kumayambiriro kwa Januwale 2025 ku bungwe lina la zaumoyo, a umboni anga anaimbiridwa onse. Kenako boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja mwezi womwewo, ndipo ntchito ija inathera pomwepo. Nditalemba kufunsa, anandiyankha tsiku lomwelo kuti zonse zaima, ndisadikire. Yankho limenelo linandipweteka koma linandimasula, ndinayamba kufunafuna kwina nthawi yomweyo. Nachisale, mukamakambirana nawo mufunsenso ngati ndalama za ntchitoyo zilipo kale kapena akuziyembekezera, ndi kuti kontilakiti ndi ya miyezi ingati. Malipiro a ku bungwe akhoza kukhala okwera koma a chaka chimodzi, pomwe a ku Kanengo ndi okhazikika.

Nachisale:
Zimenezo sindinaziganizire. Pa chidziwitso analemba chaka chimodzi, chowonjezereka ndalama zikapezeka. Ndiimbira a umboni anga madzulo ano, uthenga nditumiza mawa 9 koloko.

Lachinayi, 16 Okutobala

Nachisale:
Ndabweranso. Ndinatumiza Lachiwiri monga tinagwirizana, ndipo ayankha lero m'mawa. Akuti akuthokoza powadziwitsa, ndondomeko ikadali mkati, lipoti likudikira dayirekitala yemwe ali kunja kwa ofesi, ndipo ayesetsa kundidziwitsa sabata yamawa. Tsiku lenileni sanatchule. A umboni anga atatu onse akuti sanaimbiridwe. Ndiyankhe chiyani, ndipo zikutanthauza chiyani?

Yohane wa ku Ndirande:
Zabwino zimenezo asisi! Akanakhala kuti sakukufunani sakanayankha n'komwe.

Kondwani K:
Ine ndikuona mwina. Mwawauza kuti muli ndi tsiku lomaliza, iwo akuyankha za "tiyesetsa", a umboni osaimbiridwa. Akanakhala kuti ndinu woyamba akanaimba foni, osati imelo yozizira chonchi.

Mayi Nyagondwe:
Nonse awiri mukuwerenga zambiri m'mizere itatu. Yankho limeneli limalembedwa chimodzimodzi kwa woyamba ndi kwa wachiwiri, chifukwa dayirekitala asanasayine mayiyo saloledwa kusonyeza mbali. Mabungwe ena amaimbira a umboni lipoti likavomerezedwa, ena lisanavomerezedwe, ndiye pamenepo sitingaweruzirepo. Chomwe ndingavomereze a Kondwani n'choti sanakuuzeni kuti "musayankhe kaye kwinako tisanalankhulane". Mawu amenewo ndi omwe ine ndimanena ndikafuna kugwira munthu. Kusowa kwake sikutseka chitseko, koma musawerengere ntchitoyi ngati yanu.

Yankhani lero mzere umodzi: mwathokoza, ndipo mudikira mpaka Lachitatu pa 22 monga munanenera. Kenako musalembenso. Lachitatu likafika 10 koloko kuli zii, imbani kamodzi pa nambala ya ofesi, mupemphe mayiyo, munene dzina lanu ndi ntchito yake, mufunse ngati pali chatsopano chifukwa mawa lake muyenera kupanga chiganizo. Mphindi ziwiri zakwana. Akapanda kupezeka siyani uthenga kwa wolandira alendo, osaimbanso kachiwiri ndi kachitatu. Imelo imodzi, mzere wothokoza, foni imodzi. Kupyola apo ndi pomwe munthu amayamba kutchulidwa mu ofesi kuti "uja wa mafoni uja".

Pakadali pano lankhulani ndi a ku Kanengo. Apempheni mwaulemu ngati angakuonjezereni masiku mpaka Lachitatu pa 29, munene kuti mukufuna kuwerenga bwino kalata ndi kukonza za notisi komwe muli. Ambiri amalola masiku ochepa. Akakana, musakakamire, tsiku lanu likhala pa 24 lomwelo.

Ndipo chonde, komwe mukugwira pano musapereke notisi chifukwa cha mawu a pafoni. Ngakhale mayi uja ataimba n'kunena kuti mwapambana, dikirani kalata yosayinidwa yokhala ndi malipiro ndi tsiku loyamba ntchito. Mwamva nkhani ya a Nambewe. Mukumbukirenso kuti wolandira malipiro pamwezi amapereka notisi ya mwezi umodzi malinga ndi lamulo la za ntchito la mu 2000, pokhapokha kontilakiti yanu itanena zoposa apo, ndiye aliyense mwa awiriwa mumuuze tsiku loyamba lomwe likugwirizana ndi notisiyo.

Kondwani K:
Nanga pa 24 pakafika bungwe lili chete? Ine ndikuti alandire ya ku Kanengo, bungwe likadzaitana mu Novembala adzachoke. Pa nthawi yoyesedwa ntchito lamulo lomwelo limalola mbali iliyonse kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Makampani nawo amatichotsa osatimvera chisoni.

Bambo a Tadala:
Lamulo likhoza kulola, koma dzina la munthu limayenda. Mwasayina, anthu akana ena chifukwa cha inu, sabata zitatu mwathawa. Mawa mudzafuna umboni kwa omwewo.

Nambewe:
Ine ndili pakati. Ndinaona momwe ntchito za m'mabungwe zimathera mwadzidzidzi, ndiye sindingamuuze munthu kuti akane ntchito yomwe ili m'manja chifukwa cha yomwe ilibe kalata. Koma zochoka patangotha sabata zochepa, zimenezo aziona yekha akaona kusiyana kwa malipiro ndi kutalika kwa kontilakiti.

Mayi Nyagondwe:
Kulandira ya ku Kanengo pa 24 ngati bungwe silinatulutse kalata, pamenepo ndikugwirizana ndi a Kondwani ndi a Nambewe. Zodzachoka pambuyo ine sindizikonda, chifukwa ndakhalapo mbali yolandira kalata zotere, komabe ndaonanso anthu omwe anachita ndipo zinawayendera. Musanasayine muwerenge ngati kalata ya ku Kanengo yatchula nthawi yoyesedwa ndi notisi yake, chifukwa makampani ena amalembamo zawozawo, ndipo ena amafuna mubweze ndalama za maphunziro mukachoka msanga.

Mukalandira ya ku Kanengo, lemberani mayi wa ku bungwe uja tsiku lomwelo kuti mwalandira ntchito kwina ndipo mukuthokoza. Ngati mukufuna kuti akuganizirenibe, nenani momveka kuti mungakonde kudziwa zotsatira zikadzatuluka. Ngati simukufuna, apempheni akuchotseni pa mndandanda kuti yemwe ali pambuyo panu aimbiridwe msanga.

Chisomo M:
Mayi, wa Mpamba uja waimbanso lero, akuti mawa ndi tsiku lomaliza. Ndasunga nambala ndi mauthenga ake onse, mawa ndipita nazo kupolisi ya kwathu kuno.

Yohane wa ku Ndirande:
Ujambule mauthengawo pafoni usanapite, ena amawafufuta akaona kuti wawatulukira. Ndipo uwachenjeze anzako omwe munachita nawo intavyu, ameneyo akuimbira mndandanda wonse.